Kontena yachedwa padoko ndipo katundu wafika woonongeka: zoyenera kuchita kuti mulipidwe

Katundu wa kuno kwathu amatsikira ku Beira, ku Nacala, ku Dar es Salaam kapena ku Durban, ndipo mwini wake amakhala ali ku Blantyre, ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, kutali ndi doko. Kontena ikakhala padoko milungu isanu kapena isanu ndi umodzi, maganizo onse amakhala pa demareji, yomwe kampani ya sitima imalipiritsa kontena ikakhalitsa padoko, ndi ndalama zosungitsa. Nthawi yomweyo pali masiku ena omwe akutha mwakachetechete, omwe anthu ambiri amawakumbukira atatsegula kale zitseko ndi kumva fungo la nkhungu. Masiku amenewa ali mitundu itatu: masiku 60 a inshuwalansi, masiku atatu odziwitsa kampani ya sitima, ndi chaka chimodzi chokasuma kukhoti. Aliyense ali ndi tsiku lake loyambira kuwerenga, ndipo kuchedwa padoko kumawasokoneza onse.

Kuti zimveke, tiyeni titsate chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto. Tiyerekeze kuti wamalonda wa ku Limbe waitanitsa makatoni 400 a nsalu, iliyonse yolemera makilogalamu 25, onse pamodzi a madola 40,000. Kontena yatsitsidwa m'sitima ku Beira pa 5 Novembala. Chifukwa cha kuchulukana kwa katundu komanso mapepala omwe anachedwa, yatuluka pachipata cha doko pa 18 Disembala, yadutsa Tete ndi malire a ku Mwanza, n'kufika ku Limbe pa 23 Disembala. Potsegula, makatoni 120 ndi onyowa.

Choyamba: kontena ikadali padoko, werengani masiku a inshuwalansi

Inshuwalansi yambiri ya katundu wa panyanja imatsata malamulo otchedwa Institute Cargo Clauses, omwe anakonzedwanso mu 2009 ndipo ali m'magulu atatu, A, B ndi C. Ndime 8 ya malamulowa imanena kuti chitetezo chimatha katundu akatsitsidwa kunyumba yosungiramo yomwe amapitako, kapena pakatha masiku 60 chitsitsireni katunduyo m'sitima padoko lomaliza. Chomwe chayamba kuchitika mwa ziwirizi ndicho chimatseka nkhani. Masiku 60 amenewa sayamba tsiku lomwe kontena yatuluka pachipata. Amayamba tsiku lomwe yatsika m'sitima.

M'chitsanzo chathu, kuchokera pa 5 Novembala masiku 60 akutha pa 4 Januwale. Wamalondayu wapulumuka, chifukwa katundu wafika pa 23 Disembala. Kontenayo ikadakhala milungu ina itatu, ikadayenda ulendo wa pamsewu, womwe ndi woopsa kwambiri, popanda chitetezo chilichonse. Ndiye tsiku lomwe ejenti wanu woombola katundu padoko wakuuzani kuti kontena yatsika, lembani pakalendala tsiku la 60. Mukafika cha pa tsiku la 40 musanaone chizindikiro choti ituluka, lemberani a inshuwalansi kapena buloka wanu, muwauze komwe kontena ili ndi chomwe chikuichedwetsa, ndipo mupemphe kuti awonjezere masiku. Akhoza kukulipiritsani kandalama kena. Yankho lawo likhale lolembedwa. Mawu a pafoni oti "palibe vuto bwana" sadzakuthandizani pa tsiku la mlandu.

Onaninso zinthu ziwiri pa satifiketi ya inshuwalansi. China ndi malo omwe ulendo ukuthera. Amalonda ambiri amagula pa mtengo wa CIF Beira, kutanthauza kuti wogulitsa ndiye wadula inshuwalansi, ndipo kawirikawiri satifiketiyo imathera pa Beira pomwepo, osati ku Limbe. Chinanso ndi gulu. Pa CIF wogulitsa sakakamizidwa kugula choposa gulu C, lomwe limateteza ku ngozi zikuluzikulu monga moto, kumira kwa sitima kapena kugubuduka kwa galimoto, koma silikhudza madzi olowa m'kontena. Gulu B limakhudza madzi a m'nyanja kapena a mumtsinje, koma osati mvula. Mvula yolowera pabowo la denga imalipidwa pa gulu A. Ine sindingalangize munthu aliyense wa kuno kudutsitsa nsalu, mapepala kapena chakudya pa Beira m'dzinja ndi gulu C lokha.

Chachiwiri: dziwani komwe kampani ya sitima imati yakupatsani katundu

Apa ndi pomwe ife a m'dziko lopanda doko timagwera kwambiri. Malamulo a Hague a 1924 ndi a Hague-Visby a 1968, omwe zikalata zambiri za sitima zimatsata, amati ngati kuonongeka kukuoneka ndi maso, mudziwitse wonyamula katundu mwa kalata pa nthawi yomwe mukulandira. Ngati sikukuoneka, muli ndi masiku atatu kuchokera tsiku lolandira. Funso ndi lakuti tsiku lolandira ndi liti.

Tengani chikalata cha sitima, chija pamwamba pake pamalembedwa Bill of Lading. Pali malo olembedwa Port of Discharge ndi ena olembedwa Place of Delivery. Ngati pamalo achiwiriwa palembedwa Blantyre kapena Lilongwe, kampani ya sitima inalonjeza kufikitsa kontena kuno, ndipo kulandira kumachitika kuno. Ngati palibe kanthu, ntchito yawo inathera padoko, ndipo dalaivala wa lole yemwe ejenti wanu anatuma ndiye analandira katundu m'malo mwanu. M'chitsanzo chathu, ngati chikalata chikuthera pa Beira, masiku atatu anayamba pa 18 Disembala ndi kutha pa 21, lole isanafike n'komwe ku Limbe.

Njira yothana ndi zimenezi ili pachipata cha doko. Kontena ikamatuluka pamalembedwa pepala losonyeza mmene ilili, lomwe pantchito amalitchula ndi zilembo zoti EIR. Muuzeni ejenti wanu pasadakhale, mwa kalata, kuti iye kapena dalaivala azungulire kontena asanasaine, ajambule mbali zonse, ayerekeze nambala ya silu, chotsekera chomwe chimaikidwa pazitseko za kontena, ndi yomwe ili pa chikalata cha sitima, ndipo bowo lililonse, kupindika kwa chitseko, mphira wong'ambika kapena mzere wa matope m'munsi zilembedwe papepalalo. Ngati a kasitomu anatsegula kontena ndi kuika silu ina, nambala yatsopanoyo ilembedwe pamodzi ndi tsiku lake. Kontena yomwe yakhalitsa padoko m'nyengo ya mvula, ine ndimatumiza kalata yochenjeza kwa kampani ya sitima tsiku lomwe yatuluka, yonena kuti katundu sanaonedwe m'kati ndipo ndikusunga ufulu wanga wodzalipiritsa. Kalata yotere sikudyerani ndalama ndipo siinamizira munthu.

Ngati masiku atatu adutsa, musataye mtima. Kuchedwa kudziwitsa sikupha mlandu. Chomwe kumachita ndi kupatsa kampani ya sitima umboni woyambira woti inapereka katundu ali bwino, ndipo ntchito yotsutsa umboniwo imagwera inu. Kontena itakhala masiku 43 padoko ndi ena asanu pamsewu, ntchito imeneyi ndi yolemera, chifukwa aliyense adzaloza mnzake. Choncho lembanibe tsiku lomwelo mwaona vuto.

Pali malamulo ena, a Hamburg a 1978, omwe Malawi, Tanzania ndi Zambia anavomereza. Awa amapereka masiku 15 pa kuonongeka kosaoneka ndi zaka ziwiri zokasuma, ndipo akhoza kukhudza katundu wotsikira ku Dar es Salaam. Koma kumbuyo kwa chikalata cha sitima kumakhala kutalembedwa khoti ndi malamulo omwe kampaniyo inasankha, ndipo mkangano wa malamulo oyenera kutsatidwa ndi wa maloya. Inu tsatani masiku atatu nthawi zonse.

Chachitatu: tsiku lotsegula zitseko

Musadule silu musanajambule nambala yake, ndipo siluyo muisunge mu envelopu. Tsegulani dalaivala alipo. Mukangoona kunyowa, nkhungu kapena makatoni ophwanyika, imitsani ntchito yotsitsa, jambulani katundu ali mmene anapakiridwa, kenako imbirani a inshuwalansi kuwafunsa ngati akufuna kuti seveya, katswiri wofufuza kuonongeka kwa katundu, aone musanapitirize. Zithunzi za makatoni omwe ali kale pansi m'nyumba yosungiramo sizisonyeza komwe madzi analowera.

Dalaivala adzafuna kuti musaine pepala lolandirira katundu kuti abwerere. Musasaine popanda kulembapo zomwe mwaona. Lembani mwachindunji: makatoni onyowa kumbali ya kumanja pafupi ndi chitseko, chiwerengero chenicheni chidziwika akaona seveya. Ikani tsiku ndi ola, dalaivala asainenso, ndipo mujambule pepalalo asanalitenge. Mawu ongoti katundu sanaonedwe alibe mphamvu kwenikweni ngati kunyowa kunkaoneka. Mlonda kapena kalaliki wa kunyumba yosungiramo katundu ayenera kudziwa zimenezi kontena isanafike, chifukwa kawirikawiri osaina amakhala iwo osati mwini katundu.

Mmene madzi akhalira pa makatoni zimanena zambiri. Madzi olowera pabowo la denga amanyowetsa malo amodzi, kuyambira pamwamba kutsikira pansi. Madzi osefukira pomwe kontena inaikidwa padoko amasiya mzere wofanana kutalika pa makatoni onse a pansi, nthawi zina ndi matope. Thukuta la kontena, lomwe limadza chitsulo chikamatentha masana ndi kuzizira usiku, limasiya madontho padenga lonse ndi kunyowetsa makatoni a pamwamba mofanana. Kontena ikatsitsidwa yonse, munthu alowe m'kati masana, wina atseke zitseko kwa kamphindi ali pomwepo, ndipo wa m'katiyo ayang'ane pomwe kuwala kukulowera. Seveya amadonthezanso mankhwala a siliva naitireti pa madzi ochokera pa katoni yonyowa: akachita mbuu ngati mkaka, muli mchere, ndipo zimaloza kunyanja. Akapanda kusintha, ndi mvula kapena thukuta.

Kontena yopanda kanthu ndi umboni. Mukaibweza msanga idzakonzedwa ndipo bowo lidzasowa. Mukaisunga, kampani ya sitima ikulipiritsani tsiku lililonse. Choncho m'kalata yanu muike tsiku lenileni loti adzaione, lapafupi, ndipo munene kuti likadutsa mudzaibweza mutaijambula pamaso pa seveya wa inshuwalansi.

Chachinayi: kalata yodziwitsa onyamula katundu

Musadikire kudziwa wolakwa, ndipo musadikire kudziwa mtengo wa zomwe zaonongeka. Lemberani onse omwe katundu anadutsa m'manja mwawo, aliyense kalata yake: kampani ya sitima kudzera kwa ejenti wake, kampani yotumiza katundu ngati ndiyo inakupatsani chikalata chake, oyendetsa doko, ndi kampani ya malole kapena ya njanji. Onyamula pamsewu ali ndi mapangano awo, ena amanyamula katundu atanena kuti zoopsa zonse ndi za mwini wake, ndipo masiku awo odziwitsa amasiyana. Werengani kumbuyo kwa pepala lawo, koma kalata itsogole.

Imelo ndi yokwanira poyambira. Mutu wake ukhale woti asauphonye, ndipo popeza maofesiwa amagwiritsa ntchito Chingerezi, umalembedwa motere:

```
Notice of claim - B/L [nambala] - Container [nambala]
```

M'kati mwake mukhale dzina la sitima ndi nambala ya ulendo, nambala ya silu, tsiku lotsika m'sitima, lotuluka padoko ndi lofika. Kenako nenani zomwe mwapeza, m'mawu ochepa. Nenani kuti mukuwaika pa udindo wa kuonongekaku, kuti mukuwaitana kudzaona katundu pamodzi ndi seveya pa tsiku lakuti ndi malo akuti, kuti mtengo weniweni utsatira, ndi kuti mukusunga ufulu wanu wonse. Phatikizani zithunzi zingapo ndi pepala lolandirira lija. Pemphani kuti avomereze kuti alandira, ndipo ngati ali ndi ofesi pafupi, pitani ndi kalata yosindikiza akaidinde. Wamalonda wathu watsegula pa 23 Disembala, maofesi ambiri akutsekera Khirisimasi. Malamulo a Hague angoti masiku atatu, sanena kuti a ntchito okha. Imelo ipite madzulo omwewo.

Chachisanu: a inshuwalansi, ndi mawu oti kuchedwa

Dziwitsani a inshuwalansi tsiku lomwelo. Pa satifiketi pamakhala dzina la ejenti woyenera kumuuza kukachitika vuto, ndipo ngati inshuwalansi inadulidwa kunja ndi wogulitsa, yambani ndi ameneyo. Atumizireni makalata omwe mwalembera onyamula katundu. Chifukwa chake chili mu ndime 16 ya malamulo aja, yomwe imakupatsani ntchito ziwiri: kuchepetsa kuonongeka, ndi kusunga ufulu wolipiritsa onyamula katundu ndi ena onse okhudzidwa. A inshuwalansi akakulipirani amatenga malo anu n'kukalondola ndalama zawo kwa wolakwa. Ngati mwasaina kuti katundu ali bwino, kapena mwalandira kandalama kwa kampani ya malole ndi kusaina kuti nkhani yatha, mwawatsekera njira, ndipo akhoza kuchotsa pa malipiro anu zomwe mwawaluzitsa. Musagwirizane chilichonse ndi onyamula katundu musanawafunse.

Tsopano chinthu chomwe ndikufuna muchimvetse bwino. Ndime 4.5 imanena kuti inshuwalansi silipira kuonongeka kobwera chifukwa cha kuchedwa, ngakhale pa gulu A. Munthu wokwiya, yemwe wadikira mwezi ndi theka, amalemba kuti katundu wanga waonongeka chifukwa chochedwa padoko. Ndi chiganizo chimenecho wadzilembera yekha yankho lokanidwa, pomwe mwina chomwe chaononga nsalu ndi bowo lomwe makina onyamulira anaboola padenga. Kuchedwa kunangopatsa mvula nthawi. Sindikunena kuti mubise kuchedwako ayi. Masiku onse muwalembe monga analili, chifukwa kunama pa inshuwalansi kumagwetsa pempho lonse. Ndikunena kuti mulembe zomwe maso anu aona, ndipo chomwe chachititsa muchisiyire seveya.

Nthawi zina kuchedwa kumakhaladi ndiko kwaononga: chakudya chomwe masiku ake atha, mbewu zomwe zafika dzinja litapita, mtengo womwe watsika pamsika. Zimenezi inshuwalansi wamba silipira, ndipo demareji nayonso silipira. Kwa kampani ya sitima njira ndi yopapatiza, chifukwa zikalata zambiri zimakana udindo pa nthawi yofika. Pomwe malamulo a Hamburg akugwira ntchito, kalata yodandaula za kuchedwa iyenera kupita pasanathe masiku 60 chilandirireni katundu, ndipo malipiro sapitirira ndalama zonse zomwe munalipira ponyamula.

Pa ntchito yochepetsa kuonongeka, seveya akaona kapena akakulolani, patulani makatoni ouma, tsegulani onyowa, yanikani nsalu zomwe zingapulumuke. Sungani malisiti a aganyu, malo ndi makatoni atsopano, chifukwa ndalama zoyenera zogwiritsidwa ntchito motere zimabwezedwa. Musataye kapena kugulitsa chilichonse popanda chilolezo cholembedwa, ngakhale chikununkha.

Chachisanu ndi chimodzi: kuwerengera ndi kutumiza mapepala

Inshuwalansi ya katundu kawirikawiri imadulidwa pa mtengo wake kuphatikizapo 10 pa 100 iliyonse. Wamalonda wathu anateteza madola 44,000, kutanthauza madola 110 pa katoni. Tinene kuti seveya wapeza kuti makatoni 70 atheratu, ndipo 50 atsika mtengo ndi 40 pa 100 iliyonse. Oyambawo ndi madola 7,700, enawo ndi madola 2,200, zonse 9,900. Pamenepa awonjezera zomwe anawononga populumutsa nsalu, ndi kuchotsa gawo lomwe pangano likuti mwini katundu amadzilipirira yekha.

Mapepala omwe adzafunidwe ndi satifiketi ya inshuwalansi, chikalata cha sitima mbali zonse ziwiri, invoisi, ndandanda wa zopakira, pepala la pachipata cha doko, pepala lolandirira lokhala ndi ndemanga zanu, lipoti la seveya, zithunzi, ndi makalata onse omwe munalemba ndi mayankho ake.

Yemwe alibe inshuwalansi ndipo akudalira kampani ya sitima yokha adziwe kuti malipiro ali ndi malire. Pa Hague-Visby ndi SDR 666.67 pa phukusi kapena SDR 2 pa kilogalamu, chomwe chakula mwa ziwirizi. SDR ndi muyeso wa ndalama wa bungwe la IMF, ndipo imodzi imaposa dola pang'ono. Ngati chikalata cha sitima chatchula makatoni 400, katoni iliyonse ndi phukusi ndipo malire sangakukhudzeni. Ngati changoti kontena imodzi, awerengera pa kulemera: makatoni 120 ndi makilogalamu 3,000, kapena SDR 6,000, pafupifupi madola 8,000, zomwe sizifika pa zomwe zaonongeka. Ichi ndi chinthu chokonza wogulitsa akakutumizirani chikalata kuti muchione sitima isananyamuke.

Chomaliza: chaka chimodzi

Mosiyana ndi masiku atatu aja, tsiku ili likadutsa mlandu wafa. Malamulo a Hague ndi Hague-Visby amamasula wonyamula katundu ngati simunasume pasanathe chaka chimodzi kuchokera tsiku lomwe katundu anaperekedwa kapena lomwe ankayenera kuperekedwa. Kalata yodziwitsa siimitsa chaka chimenechi. Kukambirana, ngakhale kukuyenda bwino chotani, sikuchiimitsa. Chimaima ndi kusuma kukhoti lomwe chikalata chikutchula, lomwe nthawi zambiri limakhala kunja, kapena ndi kalata yochokera kwa kampani ya sitima yovomera kuwonjezera nthawi.

Kontena ikachedwa padoko pamabuka mkangano wa tsiku loyambira, kaya ndi lotsika m'sitima kapena lotuluka pachipata. Sankhani loyambirira. Wamalonda wathu alembe 5 Novembala wa chaka chotsatira, osati 18 Disembala. Ngati chikalata chake ndi cha kampani yotumiza katundu cha mtundu wa FIATA, lomwe ndi bungwe la makampani otere padziko lonse, nthawi ndi miyezi isanu ndi inayi yokha, choncho alembe 5 Ogasiti. Kukatsala miyezi itatu nkhani isanathe, apemphe kuwonjezera nthawi mwa kalata, adziwitse a inshuwalansi kuti wapempha, ndipo ngati patha milungu iwiri popanda yankho lolembedwa, mapepala onse apite kwa loya wodziwa milandu ya katundu wa panyanja.